Ndalama yadutsa kapena ayi? Ulendo wa khadi, foni ndi lisiti pakashopu

Achemwali anga amasoka zovala ku Joni, m'kachipinda kamene mumangokwana makina awiri osokera, tebulo lodulirapo nsalu ndi benchi ya makasitomala. Kumeneko anthu ambiri sayenda ndi ndalama m'thumba, ndiye telala amene salandira khadi amaluza ntchito. Iwo adagula kamakina kowerenga khadi kochepa ngati sopo wosambira, kamene kamagwira ntchito limodzi ndi foni. Loweruka lina ndili komweko, kudabwera mayi wina kudzatenga diresi la ku ukwati. Mtengo wake unali 850 randi. Achemwali adalemba mtengowo pafoni, mayiyo adalowetsa khadi, nalemba nambala yake yachinsinsi. Kachizindikiro kadayamba kuzungulira pasikirini, kadazungulira kwa nthawi ndithu. Kenako foni ya mayiyo idalira: meseji yochokera kubanki yawo, yonena kuti 850 randi yachoka. Koma foni ya achemwali idalemba kuti malipiro alephereka, ndipo lisiti silidatuluke.

“Amayi, ndalama yatuluka iyi, onani nokha,” adatero mayiyo akuonetsa meseji.

“Pepani mayi, kunotu sinafike. Tadikirani pang'ono tione,” adayankha achemwali.

Palibe amene ankanama pa awiriwa. Kuti timvetse mmene onse angakhalire olondola nthawi imodzi, tiyenera kutsatira ulendo umene uthenga wa malipiro umayenda, chifukwa ndi ulendo wopita ndi kubwerako, ndipo ungathe kudukira panjira iliyonse.

Kamakina kamtundu umenewu kalibe intaneti yakeyake, kalibe simukhadi, ndipo sikasindikiza chilichonse. Ntchito yake ndi kulankhula ndi khadi, kulandira nambala yachinsinsi, ndi kutsekera zonsezo m'uthenga wobisika. Zina zonse zimachitika pafoni ndi kumakompyuta a kampani imene idakugulitsani kamakinako. Ku South Africa makampani odziwika pa ntchitoyi ndi Yoco ndi iKhokha, ku Britain ndi SumUp ndi Square. Ena mwa makampani amenewa amagulitsanso makina ena akuluakulu okhala ndi simukhadi ndi kapulinta mkati mwake, ofanana ndi amene timawaona m'masitolo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre ochokera kumabanki. Amenewo safuna foni. Nkhani yathu ndi ya kakang'ono kaja kodalira foni.

Timakina toyambirira ta Square, cha m'ma 2010, tinkalowetsedwa pabowo la mahedifoni, ndipo tinkawerenga kamzere kakuda ka kumbuyo kwa khadi. Lero pafupifupi tonse timalumikizana ndi foni kudzera pa Bluetooth, makamaka mtundu wosadya batire wotchedwa Bluetooth Low Energy. Umafika pafupifupi mamita 10 ngati palibe chotchinga, koma khoma, furiji kapena shelefu yachitsulo zimachepetsa mtundawo. Pakauntala si vuto, popeza foni ndi kamakina zimakhala pafupi.

Pamene ambiri amakodwa ndi tsiku loyamba. Munthu adazolowera kulumikiza sipika kapena mahedifoni, ndiye amapita ku Settings, natsegula Bluetooth, naona dzina la kamakinako, nadina. Foni imavomera kuti yalumikiza, koma akatsegula apu ya malipiro, kamakina sikaoneka. Chifukwa chake n'chakuti timakina tambiri timafuna kuti kulumikizako kuchitikire mkati mwa apu yeniyeniyo, chifukwa apuyo ndi imene imatsimikiza kuti kamakinako n'kenikeni ndipo kali m'dzina la akaunti yanu. Mukalakwitsa choncho, bwererani ku Settings, dinani Forget kapena Unpair padzina la kamakinako, kenako yambiraninso muli mu apu. Apu idzakuonetsani timakina timene ili kutiona, ndipo inu mudzasankha kamene manambala ake omalizira akufanana ndi olembedwa kumbuyo kwa kamakina kanu. Pamsika pamene anansi atatu ali ndi timakina tofanana, osangodina koyamba pamndandanda.

Pali china chimene chimadabwitsa anthu a mafoni a Android akale. Apu imapempha chilolezo cha Location, ndipo munthu amakana poganiza kuti akufuna kumulondalonda. Pa Android ya pansi pa 12, apu singafufuze zipangizo za Bluetooth Low Energy popanda chilolezo chimenecho, ndipo pamafoni ambiri Location iyeneranso kukhala yoyatsa. Kuyambira pa Android 12, imene idatuluka mu 2021, chilolezo chofufuzira chidapatulidwa n'kutchedwa Nearby devices. Ngakhale zili choncho, makampani a malipiro amafunabe kudziwa dziko limene malonda akuchitikira, motero Location isiyeni yoyatsa. Kamakina kogulidwa ku Joni sikangalandire malipiro ku Mzuzu, chifukwa akaunti yake ndi ya banki ya ku South Africa ndipo imawerengera marandi. Ndaona anthu akukanyamula pobwera kumudzi poganiza kuti kagwira ntchito pagolosale yawo, ndipo kamangokhala m'dirowa.

Tsopano tibwerere ku 850 randi ija. Achemwali atadina batani lolipiritsa, foni idauza kamakina mtengo kudzera pa Bluetooth, ndipo kamakina kadaonetsa mtengowo pakasikirini kake kuti kasitomala auone yekha. Khadi lingawerengedwe m'njira ziwiri masiku ano. Yoyamba ndi kulilowetsa kuti kachitsulo kooneka ngati golide kakhudzane ndi kamakina. Yachiwiri ndi kungoligunditsa pamwamba, pamene khadi ndi kamakina zimalankhulana pamtunda wosapitirira masentimita anayi. Pogunditsa, mabanki ambiri a ku South Africa safunsa nambala yachinsinsi ngati ndalama ili yosaposa 500 randi. Ikaposa, kamakina kamafunsa nambalayo.

Kachitsulo kagolide kaja ndi kakompyuta kakang'ono, kotsatira malamulo otchedwa EMV, dzina lochokera ku makampani atatu amene adawayambitsa: Europay, Mastercard ndi Visa. Pamalipiro alionse kamatenga mtengo, tsiku, nambala yongopeka imene kamakina kapereka, ndi nambala yowerengera kuti khadilo lagwiritsidwa ntchito kangati, n'kuzisakaniza ndi kiyi wachinsinsi amene ali mkati mwake. Chotuluka chake ndi chidindo chogwira ntchito kamodzi kokha. Banki ya mwini khadi yokha ndi imene ingatsimikize chidindocho. Wakuba ngakhale atajambula uthenga wonse wa lero, sangaugwiritse ntchito mawa, chifukwa nambala yowerengera ija yasuntha kale.

Kamakina kamatsekera nambala ya khadi ndi nambala yachinsinsi m'uthenga wobisika zisanachoke mwa iko. Foni imangokhala ngati mthenga wonyamula kalata yomata: imaipititsa, koma singaiwerenge. N'chifukwa chake mu apu mumangoona manambala anayi omalizira a khadi. N'chifukwa chakenso kamakina kakawonongeka simuyenera kupita nako kwa wokonza mafoni pamsika. Mkati mwake muli tozindikira ngati wina watsegula chikuto, ndipo kakangomva kutsegulidwa kamafufuta makiyi ake n'kufa. Nthawi zina ngakhale kugwa pansi mwamphamvu kumakachititsa zomwezo. Kakafika pamenepo, njira ndi imodzi yokha, kupempha kena kukampani.

Kuchokera pafoni, uthenga umadutsa pa intaneti, kaya ya bandulo kaya ya Wi-Fi, kupita kumakompyuta a kampani ya kamakina. Kampaniyo imaupereka kubanki imene imagwira nayo ntchito, bankiyo imaupititsa panjira ya Visa, Mastercard kapena yolumikiza mabanki a m'dzikomo, mpaka ukafike kubanki ya kasitomala. Kumeneko amayang'ana ngati chidindo chili choona, ngati nambala yachinsinsi ili yolondola, ndiponso ngati mu akaunti muli ndalama. Zonse zikakhala bwino, bankiyo imagwira 850 randi ija kuti mwini wake asaigwiritse ntchito kwina, imamutumizira meseji, ndipo imabweza yankho lovomera limodzi ndi nambala ya chilolezo, imene nthawi zambiri imakhala ya zilembo kapena manambala asanu ndi limodzi. Yankholo liyenera kubwerera njira yomweyo mpaka pafoni. Netiweki ikakhala bwino, ulendo wonsewu umatha m'masekondi ochepa.

Apa ndi pamene nkhani ya mayi uja idagona. Meseji ya kubanki imatumizidwa pakati pa ulendo, pamene banki yavomera, osati pamapeto pake. Ngati netiweki ya foni ya wogulitsa yaduka yankho lili m'njira yobwerera, kasitomala amakhala ndi meseji m'manja pamene wogulitsa alibe kanthu. Tsiku limenelo magetsi anali atangozima m'dera lonse, Wi-Fi ya nyumbayo idazima nawo, ndipo foni idali ikusamukira ku bandulo panthawi yolakwika kwambiri.

Zikatero pali zinthu ziwiri zimene zingakhale zachitika, ndipo maso sangazisiyanitse mutangoyang'ana sikirini yoyamba ija. Mwina yankho lovomera lidafika kukampani ndipo malipiro adalembedwa kuti atheka, foni yokha ndiyo sidamve. Kapena kampani itaona kuti foni yasowa osatsimikiza, idatumiza uthenga wina kubanki wakuti malipirowo athetsedwe ndipo ndalama imasulidwe. Kumasulako nthawi zina kumachitika m'mphindi zochepa, nthawi zina kumatenga masiku angapo ogwira ntchito, malinga ndi banki ya kasitomala. Wogulitsa sangakufulumizitse, chifukwa ndalamayo sinafike m'manja mwake n'komwe.

Cholakwika chachikulu pamenepa ndi kuthamangira kulipiritsanso. Ngati malipiro oyamba adatheka, mwamudula munthu kawiri. Cholakwika china ndi kukhulupirira meseji ya kasitomala n'kumupatsa katundu. Ngati malipiro adathetsedwa, diresi lapita ulere, ndipo ndalama idzabwerera kwa mwini wake inu muli phee kudikira. Komanso meseji kapena chithunzi cha sikirini munthu wachinyengo angathe kuchipanga, monga mmene ena amachitira ndi mameseji abodza a Airtel Money ndi Mpamba kwathu. Umboni wokhawo woti muudalire ndi mndandanda wa malonda mu apu yanu, chifukwa umachokera kumakompyuta a kampani, osati m'foni.

Achemwali adachita zoyenera. Adazimitsa Wi-Fi pafoni kuti ikhazikike pa bandulo, adatsegula mndandanda wa malonda a tsikulo, naukokera pansi kuti utsitse zatsopano. Mzere wa 850 randi udaoneka, wokhala ndi manambala anayi omalizira a khadi la mayiyo ndi nthawi yake, koma udalembedwa kuti walephereka. Pamenepo adadziwa kuti akhoza kulipiritsanso mosaopa. Adamufotokozera mayiyo kuti mu akaunti yake muoneka 850 randi kawiri kwa kanthawi, ndipo imodzi idzabwerera yokha. Vuto likadakhalapo ngati mu akauntimo mukadatsala ndalama zosakwana, popeza yoyamba ija idali yogwidwabe, koma mwamwayi zidalipo. Ulendo wachiwiri udadutsa. Lachiwiri lotsatira mayiyo adaimba kunena kuti ndalama yoyamba yabwerera.

Kukanidwa kwenikweni n'kosiyana ndi kuduka kwa netiweki, ndipo ndi bwino kudziwa kusiyanitsa. Banki ikakana, imakana msanga, ndipo yankho lake limakhala ndi nambala ya manambala awiri imene mapulogalamu ena amaionetsa. 00 ndi kuvomera, 51 ndi kusakwana kwa ndalama, 55 ndi nambala yachinsinsi yolakwika, 54 ndi khadi lotha nthawi, 91 ndi banki ya kasitomala imene sikupezeka panthawiyo, pamene 05 ndi kukana kopanda chifukwa chotchulidwa, kumene mwini khadi yekha angafunse kubanki yake. Pa zonsezi kamakina kanu kali bwinobwino, ndipo kukazimitsa n'kukayatsa sikungathandize. Koma ngati mtengo sunaoneke n'komwe pakasikirini ka kamakina, vuto lili pakati pa foni ndi kamakinako: batire latsika, Bluetooth yazima, kamakina kalumikizidwa kufoni ina ya m'shopu momwemo, kapena foni yagoneka apu pofuna kusunga batire. Ndipo ngati mtengo waoneka, khadi lawerengedwa, koma kachizindikiro kakungozungulira, yang'anani intaneti.

Nanga lisiti? Ili lili ndi njira yakeyake, ndipo limabwera malipiro atatha kale. Lisiti likalephera kutuluka sizitanthauza kuti ndalama sinadutse.

Apu ikakufunsani ngati mukufuna kutumiza lisiti, mumalemba nambala ya foni kapena imelo ya kasitomala. Pamapulogalamu ambiri uthengawo suchoka pa simukhadi yanu ndipo sudya mayunitsi anu. Foni imangouza makompyuta a kampani kuti atumize, ndipo iwo ndi amene amatumiza, kawirikawiri ngati kalinki kotsegula tsamba la lisitilo. Ndiye kasitomala akanena kuti sanalandire, musayang'ane mumameseji a foni yanu, simupezamo kanthu. Onani ngati nambala idalembedwa bwino, makamaka ngati ili ya dziko lina yofuna +265 kapena +260 kutsogolo, kapena muuzeni ayang'ane mu Spam ngati ndi imelo. Ubwino wake ngwakuti lisitilo silitayika. Ngakhale patapita miyezi itatu, mungalowe mumndandanda, kupeza malondawo, n'kulitumizanso.

Palisiti pamakhala dzina la bizinesi, tsiku ndi nthawi, mtengo, mtundu wa khadi, manambala ake omalizira, nambala ya chilolezo ndi nambala ya malondawo. Nambala yonse ya khadi siyenera kuonekapo. Manambala awiri omalizirawo, ya chilolezo ndi ya malonda, ndi amene banki kapena kampani idzakufunsani pakabuka mkangano. Dziwaninso kuti lisiti la khadi limangotsimikiza kuti munthu walipira, ndipo palokha si chikalata cha msonkho. Bizinesi yolembetsa VAT ku South Africa iyenera kupereka invoisi yokhala ndi zimene SARS, bungwe lotolera misonkho kumeneko, imafuna, monga nambala ya VAT ya wogulitsa, ndipo ku Malawi malisiti a VAT amatuluka panjira yovomerezedwa ndi MRA.

Makasitomala ena, makamaka achikulire ndi ogulira kampani, amafuna pepala m'manja. Pamenepo pamafunika kapulinta, ndipo kameneka kamalumikizana ndi foni, osati ndi kamakina ka khadi. Foni imodzi imatha kugwira zonse ziwiri nthawi imodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti timapulinta tambiri totchipa timagwiritsa ntchito Bluetooth yakale, choncho ito timalumikizidwa ku Settings kaye, kawirikawiri ndi nambala 0000 kapena 1234, kenako n'kusankhidwa mu apu. Ndiye lamulo la kamakina ndi la kapulinta n'zotsutsana, ndipo apa ndi pamene anthu amasokonezeka.

Musanagule kapulinta, onani mndandanda wa mapulinta amene apu yanu imavomereza. Izi ndikuzinena motsindika chifukwa ndalama zambiri zimatayikira pamenepa. Kapulinta kangalumikizane ndi foni bwinobwino koma apu osakazindikira, chifukwa mapulogalamu ena amangogwira ndi mitundu yowerengeka ya Epson ndi Star Micronics. Pa iPhone mpanda ndi wautali kuposa apa: pulinta ya Bluetooth yakale iyenera kukhala yovomerezedwa ndi Apple, apo ayi sioneka n'komwe, ngakhale kuti pa Android ya mnzanu ikusindikiza popanda vuto.

Timapulinta timeneti tilibe inki. Timasindikiza ndi kutentha. Pepala lake lidapakidwa mankhwala mbali imodzi, ndipo kamutu ka pulinta kali ndi mzere wa timadontho timene timatentha n'kudetsa pepalalo pamene likudutsa. Pepala la mamilimita 58 m'lifupi, limene limapezeka m'timapulinta ta m'manja, lili ndi timadontho 384 pamzere, tokwana zilembo 32. La mamilimita 80 la pakauntala limakwana zilembo 48. Mukaona mitengo ikudukira pakati n'kugwera mzere wapansi, ndiye kuti apu ikuganiza kuti pepala lanu ndi la 80 pamene ndi la 58, ndipo mumangosintha m'makonzedwe a apu. Chilankhulo chimene foni imalankhula ndi timapulinta tambiri chimatchedwa ESC/POS, chimene chidayambitsidwa ndi Epson. Ndi timalamulo tatifupi totumizidwa pamodzi ndi mawu, monga iti, koyamba koyeretsa makonzedwe akale ndi kachiwiri kodula pepala:

```
1B 40
1D 56 00
```

Pulinta ikatulutsa zilembo zosamveka zosakanikirana ndi zizindikiro, nthawi zambiri ndiye kuti apu ikulankhula chilankhulo china chimene iyo sikumva, mwina chifukwa mwasankha mtundu wolakwika pamndandanda.

Vuto lofala kuposa onse ndi losavuta: pepala likutuluka loyera mbee. Pafupifupi nthawi zonse mpukutu waikidwa chozondoka, ndipo kamutu kakutentha mbali yopanda mankhwala. Kandani pepalalo mwamphamvu ndi chikhadabo. Mbali imene yasiya mzere wakuda ndiyo iyenera kuyang'anizana ndi kamutu. Ngati mbali zonse sizikuda, mwagulitsidwa pepala wamba. Kuti mudziwe ngati vuto lili pa pulinta kapena pa foni, zimitsani pulintayo, gwirani batani la FEED, n'kuiyatsa muli chigwirire. Ambiri amasindikiza tsamba loyesera paokha popanda foni. Tsambalo likatuluka bwino, pulinta ilibe mlandu, kafufuzeni kulumikizana. Likatuluka lotuwa, tchajani batire kaye, chifukwa kutenthetsa kumadya moto wambiri, kenako pukutani kamutu ndi kathonje konyowetsa ndi sipiriti pulinta ili yozimitsa.

Pepala lotereli silikhalitsa. Likakhala padzuwa, m'galimoto yotentha kapena m'chikwama pafupi ndi pulasitiki ndi mafuta odzola, zilembo zimafufutika kapena pepala lonse limada. Achemwali adaphunzira izi pamene lisiti lina lidatsala patebulo lositirapo ndipo ayironi idalidetsa lonse bii. Chiyambire pamenepo, kasitomala wosiya dipoziti ya suti kapena diresi la ukwati amamupatsa pepala komanso amamutumizira la pafoni.

Chomaliza chimene lisiti silinena ndi ndalama imene ifike kwa inu, ndi tsiku lake. Lisiti limalemba 850 randi, koma kampani imachotsapo gawo lake pamalonda alionse. Tiyerekeze kuti gawolo ndi 3 pa 100 alionse: pa 850 randi ichotsa 25.50, ndipo inu mulandira 824.50. Ndalamayo imalowa kubanki pakapita tsiku limodzi kapena awiri ogwira ntchito, itaphatikizidwa ndi malonda ena onse a tsikulo kukhala mtolo umodzi. Choncho musafunefune 850 randi pa sitetimenti ya kubanki. Tsegulani lipoti la malipiro mu apu, limene limasonyeza malonda amene ali mumtolo uliwonse ndi zimene zachotsedwa, ndipo chiwerengero chake chomaliza ndicho chiyenera kufanana ndi cha kubanki. Malonda a Loweruka lija adafika Lachiwiri m'mawa, pamodzi ndi a masiketi awiri a sukulu ndi zipi imene achemwali adasintha pa jekete.